Kulumikiza dekoda yaulere ku kanema watsopano ndi kulozetsa dishi kuno ku Tete

Funso ili silisintha, kaya lachokera ku Ulongwe, ku Domwe, ku Zobwe kapena ku Furankungo: "Ndagula kanema watsopano ndi dekoda yaulere, mawaya onse ndalumikiza, koma pagalasi pakungolembedwa No Signal. Kodi andigulitsa chakufa?" Kawirikawiri chipangizo chimakhala chilibe vuto. Chimene chalakwika ndi dongosolo la ntchito. Munthu amalumikiza zonse nthawi imodzi, ndiye zikakana sadziwa ngati wolakwa ndi kanema, dekoda, waya kapena dishi, ndipo amathera tsiku lonse padenga akupotoza dishi pamene vuto lili pabalaza.

Ntchitoyi ili pawiri. Choyamba kanema agwirizane ndi dekoda, dishi isanakhudzidwe n'komwe. Chachiwiri dekoda igwirizane ndi setilaiti kudzera pa dishi. Musayambe chachiwiri choyamba chisanatheke. Chitsanzo chimene titsate ndi cha nyumba ya ku Ulongwe, dishi ya masentimita 90, yolozetsedwa ku setilaiti ya Intelsat 20 imene ili pa 68.5°E, kumene madishi ambiri aulere a kuno amaloza.

1. Onani ngati dekoda yanu ndi ya dishi

Mabokosi awiri amafanana kwambiri pamsika, ndipo ogulitsa ena onse amangowatcha dekoda. Tembenuzani bokosilo muone kumbuyo. Ya dishi imakhala ndi kachibowo kamazinga, komangirapo ngati nati, kolembedwa LNB IN, ndipo pakatoni pamalembedwa DVB-S2. Ya antena imakhala ndi bowo longolowetsa, lolembedwa ANT IN kapena RF IN, ndipo pakatoni pamalembedwa DVB-T2. Ya DVB-T2 ndi yokokera matchanelo ochokera ku nsanja zapansi, monga a kampani ya TMT amene amanyamula TVM m'madera momwe nsanjazo zimafika. Mukaimangirira ku dishi sidzaonetsa kanthu ngakhale mulozetse bwino chotani. Zilipo zina zolembedwa Combo zokhala ndi mabowo onse awiri, ndipo kwa munthu wokhala kufupi ndi tauni zimenezi n'zabwino chifukwa mumaphatikiza antena ndi dishi pabokosi limodzi.

Onaninso pakatoni ngati palembedwa H.265 kapena HEVC. Matchanelo ena masiku ano amaulutsidwa m'njira imeneyi, ndipo dekoda yakale imangotulutsa mawu, chithunzi n'kukhala chakuda.

Mawu akuti yaulere asakupusitseni. Akutanthauza kuti mudzaona matchanelo okhawo amene eniake sanawatseke. Pa Intelsat 20 ambiri mwa amenewa ndi amapemphero, kuonjezerapo ena ankhani ndi mawailesi. Mpira wa ku Ulaya ndi wolipira. Ngati pali tchanelo chimodzi chimene mukugulira zonsezi, pitani kaye kwa mnansi amene ali ndi dekoda yaulere mukaone ndi maso anu ngati chilipo pa mndandanda wake.

Kanema wanunso muyang'aneni kumbuyo. Ena atsopano ali ndi bowo lamazinga lolembedwa SAT kapena LNB, kutanthauza kuti dekoda ili kale m'kati ndipo waya wa dishi ukhoza kulowa momwemo. Ngati bowo lilipo limodzi lokha lolembedwa ANT, limenelo ndi la antena, musakakamizemo waya wa dishi.

2. Yatsani kanema payekha

Kanema watsopano akamayaka koyamba amafunsa chilankhulo, dziko ndi malo amene aikidwa. Pa funso la malo sankhani Home kapena Casa, osati Store kapena Loja. Njira ya Loja ndi yoonetsera m'sitolo: imawalitsa galasi mopyola muyezo, imatulutsa zikwangwani zotsatsa malonda pachithunzi, ndipo zimene mwasintha zimabwerera pakale pakapita kanthawi. Kwa ogwiritsa ntchito sola imathanso batire msanga.

Akafunsa zofufuza matchanelo, dumphani. Kufufuza kumeneko n'kwa antena ya kanemayo, sikukhudzana ndi dekoda yanu.

3. Lumikizani dekoda ku kanema, dishi isanabwere

Zimitsani zonse pa soketi. Lowetsani chingwe cha HDMI kumbuyo kwa dekoda, mbali inayo ku kanema, ndipo werengani nambala ya bowo limene mwalowetsamo, kaya HDMI 1 kapena HDMI 2. Yatsani. Tengani rimoti ya kanema, ena timati komando, dinani batani lolembedwa Source kapena Input, pa Chipwitikizi Fonte kapena Entrada, ndipo sankhani nambala yomweyo.

Tsopano ikani rimoti ya kanema pambali, tengani ya dekoda, dinani MENU. Apa ndi pamene mumadziwa zoona zake, chifukwa mawu akuti No Signal kapena Sem sinal ali ndi eni awiri. Akhoza kulembedwa ndi kanema, kutanthauza kuti sakuona dekoda. Akhozanso kulembedwa ndi dekoda, kutanthauza kuti siikuona setilaiti. Mukadina MENU pa rimoti ya dekoda ndipo mndandanda wa dekodayo n'kuoneka pagalasi, ndiye kuti gawo loyamba latha, vuto lililonse lotsala ndi la kudishi. Mukadina koma osaoneka kanthu, musakwere padenga. Yesani bowo lina la HDMI, yesani chingwe china, onani ngati kanyali ka dekoda kakuyaka.

Nthawi zina dekoda imakhala itaikidwa pa kukula kwa chithunzi kumene kanema sakulandira, ndipo galasi limalemba Unsupported kapena kungoda. Marimoti ambiri a madekodawa ali ndi batani lolembedwa V-FORMAT kapena RES. Dinani kamodzi, dikirani pang'ono, dinaninso, mpaka chithunzi chibwere. Mukalowa m'kati sankhani 1080i kapena 720p pa 50Hz, ndipo mawonekedwe akhale 16:9 kuti anthu asaoneke otupa kapena owonda.

Ngati dekoda yanu ilibe HDMI, ili ndi timabowo titatu tokha, kachikasu, koyera ndi kofiira, mugwiritsa ntchito AV. Chikasu ndi chithunzi, choyera ndi chofiira ndi mawu. Makanema ambiri atsopano alibe mabowo atatuwo, ali ndi kabowo kamodzi kakang'ono kolembedwa AV IN kofuna kachingwe kake kamene kamabwera m'katoni. Musakataye pamodzi ndi mapepala. Tizingwe totere sitifanana m'kati ngakhale tikuoneka chimodzimodzi, ndiye kogula pamsika kakhoza kutulutsa phokoso m'malo mwa chithunzi. Chithunzi chikabwera chopanda mitundu, onani ngati dekoda ili pa PAL osati NTSC. Chithunzi chikakhalapo pa HDMI koma mawu kulibe, pitani pa zamawu mu dekoda musankhe PCM kapena LPCM.

4. Uzani dekoda mtundu wa LNB ndi tchanelo chosakira

LNB ndi kachipangizo kamene kamakhala kumapeto kwa mkono wa dishi, koyang'anizana ndi mbaleyo. Dishi imangosonkhanitsa mafunde n'kuwaponyera pa LNB, ndipo LNB ndi imene imawatsitsa kuti athe kuyenda mu waya. Ilibe pulagi yakeyake. Magetsi ake amachokera mu dekoda kudzera mu waya womwewo, 13V kapena 18V.

Lowani pa Installation kapena Instalação, kenako Antenna Setting kapena Dish Setup. Ikafunsa nambala yachinsinsi, ambiri amabwera ndi 0000. Sankhani setilaiti ya 68.5°E. Pa mabokosi ena akale imalembedwa Intelsat 7/10, malo ake ndi omwewo. Mizereyo ikhale chonchi:

```
LNB Type: Universal (9750/10600)
LNB Power: On (13/18V)
22KHz: Auto
DiSEqC: Off
```

Mzere woyambawo ndi umene umagwetsa anthu ambiri. Mabokosi ena amabwera ali pa 5150, nambala ya madishi akuluakulu a mtundu wina, ndipo ikakhala pamenepo simudzapeza kanthu. Chifukwa chake ndi masamu osavuta. Dekoda imamva mafunde a pakati pa 950 ndi 2150 okha. Tiyerekeze kuti tchanelo chili pa 12600. LNB imachotserapo 10600, kutsala 2000, ndipo 2000 ili m'kati mwa zimene dekoda imamva. Mukaiuza dekoda nambala yolakwika ya LNB, imakasaka pamalo pamene palibe kanthu. Mzere wa 22KHz ndi umene umauza LNB kuti ichotsere 9750 kapena 10600, malinga ndi kuti tchanelo chili pansi kapena pamwamba pa 11700. Mukauzimitsa, matchanelo onse apamwambawo amasowa. DiSEqC ndi ya anthu amene ali ndi madishi angapo pa dekoda imodzi.

Kenako mufunika manambala a gulu limodzi la matchanelo limene likugwira ntchito lero, kuti likhale chosakira chanu. Pa mndandanda limatchedwa TP kapena Transponder, ndipo lili ndi zinthu zitatu: Frequency, chilembo H kapena V, ndi Symbol Rate. Manambalawa amasinthasintha, ndipo amene anabwera m'bokosi kuchokera ku fakitale ena anafa kalekale. Kusaka setilaiti ndi nambala yakufa n'kutaya tsiku. Njira yodalirika ndi kupita kwa mnansi amene dekoda yake yaulere ikuonetsa pa setilaiti yomweyo, kutsegula tchanelo chimene chikuoneka bwino, kudina INFO kawiri, n'kukopera manambala atatuwo papepala. Kunyumba kwanu alembeni pa Add TP. Ngati mnansiyo ndi womasuka, pemphani kuti mumangirire dekoda yanu ku waya wa dishi yake kwa mphindi zochepa. Ikaonetsa kumeneko, mwatsimikiza kuti bokosi ndi manambala zili bwino, ndipo chotsala ndi dishi yanu yokha.

5. Konzani waya

Gulani waya wolembedwa RG6, wautali wokwanira popanda kulumikiza pakati. Pa nyumba wamba mamita 15 kapena 20 amakwana. Waya woonda wa antena zakale umataya mphamvu, makamaka pa matchanelo a manambala apamwamba.

Kumapeto kulikonse kumalowa kanati kamazinga kotchedwa F. Sendani khungu lakunja pafupifupi sentimita imodzi ndi theka osadula titsitsi tachitsulo tam'kati. Pindirani titsitsito kumbuyo, pamwamba pa khungu. Sendani choyera cham'kati kuti kawaya kapakati kaonekere pafupifupi sentimita imodzi. Potokolerani kanatiko mpaka choyeracho chifike pakamwa pa bowo lam'kati, ndipo kawaya kapakati katulukire kunja mamilimita awiri kapena atatu. Musanamange, yang'anitsitsani powala. Katsitsi kamodzi kokha kakakhudza kawaya kapakati, magetsi a LNB amagundana, dekoda imalemba LNB Short kapena kuzima yokha, ndipo mabokosi otchipa ena amapsa gawo limenelo. Pa chifukwa chomwechi, musamange kapena kumasula waya wa dishi dekoda ili pamagetsi.

6. Imikani chitsulo cha dishi

Sankhani malo amene kum'mawa chakumpoto kulibe mtengo kapena denga lotchinga. Setilaiti ili pamwamba ndithu, moti chinthu chotalika mamita asanu kuposa dishi chikakhala patali mamita asanu ndi awiri sichitchinga. Kumbukirani kuti mtengo wa mango kapena bulugamu umene lero uli pansi pa mzerewo, zaka ziwiri zikubwerazi udzakhala utakula.

Khoma la njerwa zowotcha kapena paipi yokwiriridwa ndi simenti pansi ndi zabwino kuposa kukhomera pa malata kapena pa mtengo wa denga. Malata amavina ndi mphepo, ndipo dishi ikasuntha pang'ono chithunzi chimathawa. Dishi ya pansi ndi yosavutanso kuikonza, bola itchingidwe ku mbuzi ndi ana.

Chitsulocho chiime chilili mbali zonse. Yezani ndi levulo ya amisiri omanga, kapena chingwe chomangirira mwala, kutsogolo ndi m'mbali momwe. Chikapendekeka, manambala olembedwa kumbuyo kwa dishi amanama, ndipo mukamatembenuza dishi kumanja kapena kumanzere imakhala ikukwera kapena kutsika yokha.

7. Lozetsani dishi

Malangizo ambiri pano amangoti "lozetsani dishi ku setilaiti" n'kupitirira, ngati kuti ndi kutsegula zenera. Pali zinthu zitatu zoyenera kukhala bwino nthawi imodzi: kupotoza kwa LNB, kukwera kwa dishi, ndi mbali imene yayang'ana. Ziwiri zoyambazo mumaziika pafupi ndi malo ake musanayambe kusaka, chachitatu ndiye chosakira.

Tulutsani kanema ndi dekoda panja, pamthunzi, pamene wogwira dishi akuona galasi ndi maso ake. Kukuwirana ndi munthu ali m'nyumba sikuthandiza, chifukwa akamati "yabwera!" inu mwapyola kale. Tsegulani tsamba limene likuonetsa mizere iwiri, Strength ndi Quality, pa Chipwitikizi Intensidade ndi Qualidade, muli pa TP ija munakopera.

Mizere iwiriyi imanena zosiyana. Strength imangosonyeza kuti LNB ili moyo ndipo waya ukufika. Imakwera ngakhale dishi itayang'ana khoma. Ikakhala pa 0, vuto ndi waya, kanati ka F, LNB Power yozimitsa kapena LNB yakufa, ndipo kutembenuza dishi sikungathandize. Quality ndiyo imanena kuti mwapeza setilaiti yoyenera. Imakhala pa 0 mpaka mutagunda penipeni, kenako imadumpha mwadzidzidzi. Maso anu akhale pa Quality. Timamita totsika mtengo tosakira setilaiti timalira pa setilaiti iliyonse, ndiye tikhoza kukuimitsani pa yolakwika.

Yambani ndi kupotoza LNB, chifukwa kuno n'kumene anthu ambiri amalakwa. Mafunde a setilaiti amabwera m'magulu awiri, ogona ndi oimirira, H ndi V aja. Popeza Intelsat 20 ili kutali kum'mawa kwa ife, mafundewo amafika atapendekeka kwambiri, pafupifupi madigiri 65 ku Ulongwe ndi 63 mumzinda wa Tete. LNB iyenera kupendekeka chimodzimodzi. Imani kutsogolo kwa dishi mukuyang'ana mbaleyo, ndipo muiyerekeze ngati wotchi yapakhoma. Munthu wosadziwa amasiya pomangira waya pakuloza pansi, pa 6 koloko, chifukwa zimaoneka zaudongo. Pa LNB wamba ya waya umodzi, pomangira wayapo paloze pa 4 koloko, chakudzanja lanu lamanja. Mukaima kumbuyo kwa dishi pamaoneka pa 8 koloko, ndipo apa ndi pamene anthu amasokonezana pouzana pafoni, wina ali kutsogolo wina ali kumbuyo.

Mukaisiya pa 6 koloko, LNB imakhala yayandikira kwambiri gulu linalo. Dekoda ikapempha V imamva kwambiri H. Zotsatira zake, nambala ya mnansi ija siigwira ngakhale dishi italoza bwino, kapena imagwira mofooka pokhapokha mutasintha V kukhala H. Mukaona kuti matchanelo anu akubwera ndi zilembo zotembenuka poyerekeza ndi za mnansi, ndipo ena akusowa, musakhudze dishi, potozani LNB.

Chachiwiri ndi kukwera. Ku Ulongwe setilaitiyi ili pa madigiri 47 kuchokera pansi, mumzinda wa Tete pafupifupi 46. Kumbuyo kwa dishi kuli kachitsulo kokhala ndi manambala, ikani chizindikiro pa nambala imeneyo n'kumanga pang'ono. Onetsetsani kuti chizindikiro chake n'chiti, chifukwa pa madishi ena ndi m'mphepete mwa chitsulo, osati pakati pa bawuti. Mukatero mudzadabwa kuti mbaleyo ikuoneka ngati yangoweramira kumbuyo pang'ono, siikuyang'ana kumwamba monga mumaganizira. Zili bwino choncho. Madishi ang'onoang'ono amenewa, amene LNB yake imakhala chakumunsi, amaona pamwamba ndi madigiri opitirira 20 kuposa mmene nkhope yake ikuonekera. Mukaigoneka kuti nkhope iloze pa 47 ndi maso, mwapyola kutali.

Chachitatu ndi mbali. Kuchokera kumpoto kupita kum'mawa ndi madigiri pafupifupi 69. Kampasi ya maginito imawerenga mopitirirako pang'ono kuno, ndipo ikayandikira malata kapena dishi yeniyeniyo imasokonezeka, ndiye muigwire mutatalikira. Ngati mulibe kampasi, kumbukirani pamene dzuwa limatulukira nthawi yozizira, mu Juni ndi Julaye. Kumeneko ndiye poyambira. Madishi a anansi amathandizanso, koma samalani, si onse amaloza kumodzi. Yoyang'ana kumpoto, yogona chagada kwambiri, ili pa 36°E. Yoyang'ana kumadzulo chakumpoto ili pa setilaiti ina. Tsanzirani yokhayo yoyang'ana kotulukira dzuwa.

Tsopano kusaka. Manati a pachitsulo akhale omangika moti dishi ikutembenuka mukaikankha koma siikugwa yokha. Imani kumbuyo kwake, gwirani m'mphepete ndi manja awiri, mutu wanu ndi mapewa zisatchinge mbale. Dishi ya masentimita 90 imaona kampata ka madigiri awiri okha. Kunsonga kwa mkono wa LNB, digiri imodzi ndi pafupifupi kukula kwa chala chimodzi m'mimba mwake. Choncho sunthani chala chimodzi, imani, werengani mpaka katatu, sunthaninso. Kuimako n'kofunika chifukwa dekoda imachedwa kugwira. Amene amatembenuza dishi mosaima amadutsa pa setilaiti kangapo osadziwa.

Lembani kamzere ndi choko kapena msomali pachitsulo poyambira. Pitani chakumanja pafupifupi zala khumi ndi zisanu, bwererani, pitani chakumanzere chimodzimodzi. Quality ikapanda kugwedezeka, kwezani dishi digiri imodzi, sesaninso uku ndi uku. Ikakana, tsitsani digiri imodzi pansi pa poyambira paja. Pitirizani chonchi mpaka madigiri anayi kapena asanu mbali zonse ziwiri. Yang'ananinso Strength ndi diso limodzi: ikakwera pang'ono pamalo ena pamene Quality ili chete, mwina mwagunda setilaiti yoyandikana nayo kapena LNB sinapotozedwe bwino. Lembani malowo, gwedezani LNB uku ndi uku muone. Mukasesa dera lonselo popanda kanthu, musapitirize kusesa kumwamba konse. Bwererani ku manambala a TP, mtundu wa LNB ndi kuima kwa chitsulo.

Quality ikadumpha, ntchito sinathe. Anthu ambiri amamanga pomwepo chifukwa chithunzi chabwera, ndiye mvula yoyamba ya Novembala ikangoyamba chithunzi chimasweka timabokosi. Chithunzi cha dijito chimaoneka bwino chimodzimodzi kaya mwagwira m'mphepete kapena pakati, kusiyana kumaoneka kukachita mitambo. Tiyerekeze kuti yadumpha kufika 45. Sunthani pang'ono kwambiri kumanja. Ikatsika, bwererani mupite kumanzere, mpaka mupeze pamene yakwera kwambiri, tinene 58. Mangani manati a pachitsulo mosinthanasinthana, theka kumanja theka kumanzere, maso ali pagalasi, chifukwa kumanga mbali imodzi yokha kumakoka dishi. Kenako masulani pang'ono a kukwera, chitaninso chimodzimodzi, mwina ifika 66. Pomaliza bwererani ku LNB, muipotoze pang'onopang'ono mbali zonse za 4 koloko muja, n'kuikankhira kutsogolo kapena kumbuyo m'chogwirira chake, dzanja lili kunsi kuti lisatchinge. Apa Quality imatha kukweranso pang'ono. Manambalawa ndi achitsanzo chabe, bokosi lililonse limawerenga mwake, ndipo 70 ya bokosi lina ndi 90 ya linzake. Chofunika n'chakuti mufike pamwamba penipeni pa bokosi lanulo.

Zonse zitamangika, yesani chonchi: kankhani m'mphepete mwa dishi ndi chala, kumwamba, pansi, kumanja, kumanzere. Ngati mbali zonse zinayi Quality ikutsika, muli pakati. Ikakwera mbali ina, dishi ikufuna kupita kumeneko.

8. Fufuzani matchanelo

Sankhani Blind Scan, pa Chipwitikizi Busca cega kapena Pesquisa cega. Njira imeneyi imafufuza yokha zonse zimene zili mumlengalenga lero, osadalira mndandanda wakale wa m'bokosi. Pa mzere wa FTA Only ikani Yes, apo ayi mudzadzaza mndandanda ndi matchanelo mazanamazana otseka, okhala ndi chizindikiro cha $ kapena olemba Scrambled. Isiyeni imalize, zimatenga mphindi zingapo, ndipo pomaliza dinani OK kuti isunge. Onani ngati mwapeza matchanelo a H ndi a V omwe. Gulu limodzi likasowa lonse, kayikirani kupotoza kwa LNB, mzere wa LNB Power umene waikidwa pa 13V yokha kapena 18V yokha, kapena adaputa yofooka imene ikulephera kukweza magetsi.

Tchanelo chikadzasowa patapita miyezi pamene zina zikuonetsa, chasamuka kapena chatsekedwa. Bwerezani Blind Scan, dishi musaikhudze. Batani la Factory Reset lipeweni, limafufuta zonse zimene mwaika pa sitepe 4. Lembani manambala aja papepala mumate kunsi kwa dekoda.

9. Tetezani ku madzi, kutentha ndi mphenzi

Madzi ndiwo amapha mawaya ambiri. Pomangira LNB pakhale kachipewa kake ka labala, kapena kulungani ndi thepi kuyambira pa waya kukwera mpaka pa LNB. Popeza LNB yathu imakhala chopendekeka, siyani waya ulendewere pang'ono pansi pake kuti madontho azigwera pansi m'malo motsetserekera pa nati. Chitaninso chimodzimodzi polowera m'nyumba: waya utsike kaye pansi pa bowo kenako ukwere kulowa. Madzi akalowa mu waya zizindikiro zake zimabwera pang'onopang'ono, matchanelo ena amayamba kudukaduka ngakhale kuli dzuwa, ndipo mukamasula kanati mumapeza kadera kapena kobiriwira. Dulani kachigawo konyowako mumange kanati katsopano.

Mvula yamphamvu ikamagwa chithunzi chimatha kuthawa kwa mphindi zingapo ngakhale pa dishi yolozetsedwa bwino, makamaka mtambo wakuda ukakhala kum'mawa. Chimabwerera chokha. Chikamathawa ndi kamvula kowaza, bwererani ku sitepe 7.

Kwa a kuchigwa, ku Moatize ndi mumzinda wa Tete, mdani wina ndi kutentha kwa Okutobala ndi Novembala. Timadekoda tating'ono timatentha msanga, n'kuyamba kuima kapena kuzima tokha. Musaiike pamwamba pa chokuzira mawu, musaifunditse kansalu kokongoletsa, ndipo isapanikizike kuseri kwa kanema wopachika pakhoma.

Ogwiritsa ntchito sola awerenge zolembedwa pa adaputa ya dekoda. Zambiri ndi za 12V, koma zilipo za 5V, ndipo ya 5V mukaipatsa batire mwachindunji imapsa nthawi yomweyo. Ngakhale ya 12V, batire imene ikutchajidwa masana imakwera kupitirira 14V, ndiye ndi bwino kudutsira pa kachipangizo kosunga magetsi pa 12V. Madzulo batire ikafooka, matchanelo amayamba kusowa kapena dekoda imangoyambiranso, kanema akadali woyaka, ndipo munthu amaganiza kuti dishi yasuntha.

A magetsi a EDM aike kanema ndi dekoda pa chotetezera magetsi chimodzi, cha mtundu umene umadikira kanthawi magetsi akabwerera. Koma chotetezeracho sichiona waya wa dishi. Mphenzi ikagwa pafupi, mphamvu yake imatha kulowera ku dishi, kudutsa mu dekoda, n'kukawotcha bowo la HDMI la kanema watsopanoyo. Kukayamba kugunda chapatali, zimitsani, zulani pulagi pakhoma, kenako masulani waya wa pa LNB IN muuike pansi kutali ndi zipangizo. Chitani zimenezi mvula isanafike pamutu, osati ziphaliwali zili m'kati.